Mangira, mangitsa, mangidwa

"Kodi mangira, mangitsa ndi mangidwa zikusiyana pati? Nanga bwanji timati mangira koma lembera?"

Onsewa achokera ku tsinde limodzi, -mang-. Tiyambe ndi "Mmisiri wamanga nyumba." Mukaika -ir-, mumalowetsa munthu wina amene ntchitoyo yamuchitikira: "Mmisiri wamangira agogo nyumba." Koma musaganize kuti -ir- ndi wa zokoma zokhazokha. "Wandibera njinga" nthawi zambiri ndi dandaulo. Amasonyezanso chipangizo, monga "chingwe chomangira mbuzi," ngakhalenso chifukwa: "Ukulirira chiyani?"

Mukati "Agogo amangitsa nyumba," iwo sanagwire njerwa ayi, -its- akusonyeza kuti atuma wina. Pamene -idw- amatenga chochitidwacho n'kuchiika patsogolo: "Nyumba yamangidwa ndi mmisiri."

Ambiri amasokonezeka misinthoyi ikaphatikizana. Mu "Agogo amangiridwa nyumba," -ir- watsogola, -idw- watsatira. Mukachotsa -ir- n'kunena "Agogo amangidwa," ndiye kuti mwawatsekera m'chitokosi!

Za lembera, yang'anani lembo la liwu la m'tsinde. Likakhala a, i kapena u timati mangira, phikira, gulira. Likakhala e kapena o timati lembera, gonetsa, omboledwa. Aneni aafupi monga dya ndi pha amatenganso e: dyetsa, phedwa.