Kaundula wa katundu wokhalitsa: tiyesere pa jenereta imodzi

"Bungwe lathu ndi laling'ono. Odzayendera mabuku a ndalama ati tikhale ndi kaundula wa katundu wokhalitsa. Tilembemo chiyani, nanga kutsika mtengo kwa chaka ndi chaka timakupeza bwanji?"

Zikomo pondilembera. Yambani mwagwirizana malire a mtengo: chinthu chokwana mtengowo, chomwenso chigwire ntchito kupitirira chaka, chilowe m'kaundula. Zing'onozing'ono muzingozilemba ngati ndalama zimene zagwiritsidwa ntchito, apo ayi mudzatopa n'kuwerenga masipuni.

Chinthu chilichonse chikhale ndi mzere wake ndi nambala yake, ndipo nambalayo ilembedwenso pa chinthucho ndi penti kapena sitika. Pamzerepo pakhale tsiku logula, nambala ya lisiti, mtengo, malo pamene chili, amene akuchisamala, ndiponso mmene chilili.

Ambiri amaphonya pa mtengo. Tinene kuti mwagula jenereta pa 1,000,000, mwalipira 60,000 yonyamulira ndi 140,000 kwa amisiri oilumikiza. M'kaundula mulembe 1,200,000, chifukwa zonsezi mwawononga kuti ifike poyamba ntchito. Mafuta ndi sevisi ya pambuyo pake sizilowamo.

Tsono mwaganiza kuti ikutumikirani zaka 5, kenako mungadzaigulitse pa 200,000. Chotsani 200,000 pa 1,200,000, yotsalayo muigawe kasanu: chaka chilichonse mtengo uzitsika ndi 200,000. Pakompyuta, mu pulogalamu ngati Excel, mtengo ukakhala mu D2, wodzagulitsira mu E2, zaka mu F2, lembani:

```
=SLN(D2,E2,F2)
```

Koma taonani. Ngati munaigula pa 1 Okutobala ndipo mabuku mumatseka pa 31 Disembala, yagwira miyezi itatu yokha. Chaka choyamba muchotse 50,000, itsale pa 1,150,000. Chaka chachiwiri ifike pa 950,000. Ena amachotsa ya chaka chathunthu. Sindikangana nawo, bola njirayo ilembedwe ndipo isamasinthesinthe.

Za malo ndi mmene chinthu chilili musamadzaze muli pampando. Kamodzi pachaka, munthu amene sasunga kaundulayo ayende naye chipinda ndi chipinda, aone nambala, ailize jeneretayo. "Ku ofesi" si malo; lembani "chipinda cha kuseri, pafupi ndi mita". Pa mmene chinthu chilili, mawu atatu akwanira: yabwino, yofunika kukonza, yakufa, kuphatikizapo tsiku limene yaonedwa.

Jeneretayo ikapsa kotheratu itatsala pa 550,000, musapitirize kuchotsa pang'onopang'ono ngati palibe chachitika. Akuluakulu avomereze polemba, 550,000 ija ilembedwe kuti yatayika, kupatula kangachepe komwe mungapeze pogulitsa zitsulo zake. Ikakhala kuti zaka 5 zatha iyo ikulirabe, kuchotsa kuime ikatsala pa 200,000, koma mzere wake musaufufute. Katundu amene wafufutidwa akadali wamoyo sachedwa kumera miyendo.

Potseka chaka, phatikizani mitengo yonse ya m'kaundula muyerekeze ndi ya m'buku lalikulu la ndalama. Zikasiyana, yambani mwafufuza malisiti onyamulira ndi olumikizira aja.