Ndipemphe bwanji tchuthi cha mayeso a ACCA?

"Ndimagwira ntchito mu ofesi ya zachuma, ndipo ndangokwanitsa chaka chimodzi. Bambo akuti ndilembe mapepala atatu a ACCA, mayeso a akatswiri owerengera ndalama, mu Disembala kuti ndimalize msanga. Ndikufuna milungu itatu yowerengera, koma ndikuopa kuuza abwana. Mnzanga akuti ndingolipira, nthawi ikakwana ndidzapeze kalata ya dokotala. Nditani?"

Achemwali, makalata otere amandipeza nthawi iliyonse mayeso akayandikira, ndipo onse amalakwitsa pamodzimodzi: kuyamba kulipira, abwana n'kudzamva pomaliza. Tembenuzani. Pemphani kaye, yankho libwere polemba, kenako mulembetse.

Za kalata ya dokotala ziiwaleni lero lomwe. Mukufuna kulowa ntchito imene maziko ake ndi kukhulupirika, ndiye muyambe ndi chikalata chabodza? Masiku a mayeso si chinsinsi. Abwana akawerenga kalendala n'kuona kuti mwadwala sabata yomweyo, mukhoza kutaya ntchito, ndipo dzina likaipa m'ntchito yosunga ndalama za anthu silichapika.

Milungu itatu simuipeza, ndikuuzeni mosapsatira. Mayeso a ACCA amalembedwa kanayi pa chaka, mu Malichi, Juni, Sepitembala ndi Disembala, ndipo amagwa kumayambiriro a mwezi. Nthawi imeneyo ndi yomwe ofesi yanu ikutseka mabuku a mwezi wapitawo, kufananiza za kubanki ndi za m'mabuku, kusaka malisiti osowa. Abwana akamva "milungu itatu" saganiza za tsogolo lanu, amaganiza za amene atseke mabukuwo. Pempho lanu liyankhe funso limenelo iwo asanalifunse.

Yambani ndi kuwerenga kontirakiti yanu ndi buku la malamulo a pantchito. Malo ambiri tchuthi cha maphunziro si ufulu ngati tchuthi cha pachaka. Amapereka abwana akafuna. Kwina amapereka masiku angapo pa pepala lililonse koma ulendo woyamba wokha, ukalephera wobwereza umadzionera. Kwina amakulipirira mayeso, koma umasaina kuti ukhalabe pantchitopo zaka zakutizakuti, ukachoka msanga ubweze ndalamazo. Musasaine musanamvetse mzere umenewo.

Tsono kalata yopempha tchuthiyo. Ikhale yaifupi, ipite kwa abwana anu enieni, ina kwa oyang'anira ogwira ntchito, kudakali miyezi iwiri. Tiyerekeze kuti pepala lanu lili Lachinayi. Lembani dzina la pepalalo, tsiku lake, ndipo mulumikize ndandanda ya mayeso. Pemphani masiku anayi, Lolemba mpaka Lachinayi. Mukaphatikiza Loweruka ndi Lamlungu lam'mbuyo mwake, muli ndi masiku asanu athunthu obwereza mafunso akale, mwangodya anayi a kuntchito. Kenako nenani za ntchito: zimene mudzamalize Lachisanu musanachoke, zimene adzagwirizire mnzanu amene mwagwirizana naye kale, ndi kuti Lachisanu lotsatira mudzakhala pa desiki panu. Mzere womaliza ndi umene ndimaukhulupirira kwambiri: ngati tchuthi cha maphunziro sichitheka, masikuwa achotsedwe pa tchuthi changa cha pachaka. Mwawatsegulira khomo lachiwiri, ndipo kukana zonse ziwiri kumavuta.

Akati "chabwino, tiona" ali chiimire pakhomo, sikuvomera kumeneko. Abwana amaiwala, ena amasamutsidwa. Pakapita sabata kumbutsani mwaulemu, tchulani tsiku lotsekera kulembetsa, ndipo musapume mpaka fomu ya tchuthi itasainidwa.

Mwaona kuti ndanena pepala limodzi? Apa ndiye ndikufuna bambo amve. Bambo, mwana wanu amaweruka madzulo atatopa, ndipo pepala lililonse limafuna 50 pa 100 kuti munthu akhoze. Mapepala atatu owerenga mopupuluma amatha kugwa onse, ndalama zolembetsera n'kupita, masiku a tchuthi n'kutha, abwana n'kusiya kumukhulupirira akadzapemphanso. Malichi ali pafupi, ndi miyezi itatu yokha kuchokera Disembala. Pepala limodzi nthawi iliyonse ndi mapepala anayi pa chaka, ntchito ili m'manja. Kodi kumeneko n'kuchedwa?

Nanunso achemwali musabisale kumbuyo kwa bambo. Amene akufuna milungu itatu nthawi zambiri amakhala kuti mabuku sanawatsegule. Tchuthi n'chobwerezera zimene mukudziwa kale, si chophunzirira silabasi yonse. Ngati simungathe kuyankha pepala lakale lathunthu mutatchera wotchi, chiyambeni usiku uno.

Akakana zonse, funsani kuti mwezi uti ungawakomere, Malichi kapena Juni, ndipo alembe. Koma munthu wa chaka chimodzi amene wabwera msanga, wapempha masiku anayi, ntchito waikonzera womugwirira, kawirikawiri amaloledwa. Kalatayo ifike pa tebulo la abwana Lolemba likudzali.