Anakuchotsani patilu mutadandaula? Umenewo ndi mlandu wina, ulembeni paokha

"Ndimagwira ntchito patilu m'shopu ina yaikulu mu tauni. Pa 3 Malichi ndinakasiya kalata ku ofesi yoona za antchito kuti supavaiza wathu amandigwiragwira komanso kunditumizira mauthenga onyansa usiku. Anati akufufuza. Pa 10 Malichi anandichotsa patilu n'kundiika kosungira katundu, shifiti ya madzulo, ndipo ovataimu inathera pompo. Pa 21 ndalandira kalata yondichenjeza chifukwa chochedwa ndi mphindi 10, koma zaka zinayi zonsezi sindinalandirepo kalata yotero. Anzanga akuti ndingosiya ntchito. Nditani?" Mayi wa ku Chawama

Mayi, musasiye ntchito. Anzanuwo akukumverani chisoni, koma nzeru yawoyo ingakugwetseni. Lamulo la zantchito la dziko la Zambia la mu 2019, pa gawo 52, limati olemba ntchito akachotsa munthu, ndi iwo oyenera kusonyeza kuti panali chifukwa chomveka. Mukasiya nokha, katundu ameneyo mwamusenza ndinu: mudzafunika kutsimikizira khoti kuti anakuzunzani mpaka panalibe kuchitira mwina, ndipo imeneyo ndi ntchito yolemetsa kwambiri.

Muli ndi milandu iwiri tsopano. Woyamba ndi wa zimene supavaiza anakuchitani. Wachiwiri ndi wakuti akukubwezerani chifukwa munalankhula. Wachiwiriwu sudalira kuti woyamba uthe bwanji. Nkhani ya kugwiragwira nthawi zambiri imachitikira poti palibe mboni, ndipo ofufuza akhoza kuitseka ponena kuti umboni ndi wosakwanira. Ngati za kubwezera munangozilumikiza kumchira kwa dandaulo loyamba, zidzatsekedwera limodzi mu fayilo yomweyo. Chonsecho kubwezera ndi kumene kumasiya mapepala: ndandanda ya mashifiti, peisilipi, kalata yokhala ndi deti.

Musanalembe, dzifunseni moona mtima. Kodi amene anakusunthani ndi kusaina kalatayo ndi ndani, ndipo anali atadziwa kale za dandaulo lanu? Apa ndi pamene milandu yambiri imagwera, chifukwa bwana amangoti, "Ine sindimadziwa n'komwe kuti anadandaula." Ngati supavaizayo anaitanidwa kukafunsidwa pa 5 kapena pa 6, kapena anakuponyerani mawu oti "muona", lembani tsikulo. Kenako yang'anani anzanu. Ngati ovataimu inatha kwa onse a patilu mu Malichi, ichotseni m'dandaulo lanu, chifukwa mfundo imodzi yofooka imawapatsa mpata wonyoza zonse. Koma ngati inatha kwa inu nokha, ndipo ena amafika mochedwa ndi mphindi 20 osalandira ngakhale kapepala, pamenepo ndiye pali nkhani. Za kusiya kukupatsani moni kapena kukuyang'anani ndi diso lofiira, zilembeni m'kope, koma musamangirepo mlandu.

Konzekeraninso yankho limene ndikuliona likubwera: "Tinamusuntha kuti timuteteze." Kulekanitsa anthu awiri pa nthawi yofufuza si kulakwa. Funso ndi lakuti anakufunsani maganizo anu? Nanga bwanji wosunthidwa ndi wodandaula, osati wodandaulidwa? Chitetezo chimene chikuchepetsa ndalama za pa mwezi, n'kumakusiyani mukusaka minibasi ya ku Chawama mumdima, n'chovuta kuchitcha chitetezo.

Gulani kope, lizikhala kunyumba, osati m'loka ya kuntchito. Chilichonse chizilembedwa tsiku lomwelo, ndipo muzilemba zimene zinachitika, osati mmene munamvera mumtima. Kulemba kuti "akundizunza" sikuthandiza wofufuza. Lembani motere: "10 Malichi, cha m'ma 8 m'mawa, pafupi ndi tilu yachitatu. Supavaiza wandiuza pakamwa kuti kuyambira lero ndili kosungira katundu, shifiti ya madzulo. Ndafunsa chifukwa, wati ndikafunse kumene ndinakamuneneza. Analipo mlonda wa pakhomo ndi mnzanga wa tilu yachiwiri." M'kopemo mayina awo muwalembe onse.

Zouzidwa pakamwa muzizisandutsa zolembedwa. Tumizani uthenga waulemu kwa manijala: "Bwana, ndikungotsimikiza kuti ndauzidwa kuyamba shifiti ya madzulo kuyambira pa 10 Malichi. Chonde ndiuzeni chifukwa chake komanso kuti zikhala mpaka liti." Akayankha, muli ndi chifukwa chawo chimene sangadzachisinthe mawa. Akapanda kuyankha, detilo lakhala ndithu. Sonkhanitsani mapeisilipi a Disembala, Januwale ndi Febuluwale, muwaike pambali pa a Malichi ndi Epulo, muwerengere kuti mwataya makwacha angati. Jambulani ndandanda ya mashifiti imene imamatidwa pakhoma, ndipo zithunzi ndi mauthenga onse muzitumize ku imelo yanuyanu, poti foni imabedwa. Koma buku losainamo nthawi yofika musalitenge mobisa, ngakhale mafayilo a anzanu. Mukatero mwawapatsa chifukwa chenicheni chokuchotserani. M'kalata yanu pemphani kuti ofufuza alione okha bukulo, miyezi itatu yapitayi.

Kalata yochenjezayo musailekerere. Ngati simunasaine, sainani ndi kulemba pambali kuti mwalandira koma simukugwirizana nayo. Ngati munachedwadi, vomerani kuti munachedwa. Chimene mukutsutsa ndi chilango chimene ena salandira. Gawo 95 la lamulo lomweli limafuna kuti olemba ntchito akhale ndi ndondomeko yolembedwa ya madandaulo, ya kuzunzana pantchito ndiponso ya khalidwe. Ipempheni, muone masiku amene amapereka ochitira apilu, asakudutseni. Kalata yoyamba yosayankhidwa ndiyo imadzakhala maziko a yachiwiri ndi yomaliza. Pakadali pano shifiti ya madzuloyo pitani, ndipo muzifika nthawi isanakwane, ngakhale zikuwawa.

Dandaulo latsopanolo likhale tsamba limodzi kapena awiri, mutu wake unene poyera kuti ndi la kubwezeredwa chifukwa cha dandaulo la pa 3 Malichi. Za kugwiragwira musazifotokozenso, ingotchulani deti. Ndandalikani zinthu motsatana: zaka zinayi popanda chenjezo, dandaulo pa 3, kusunthidwa patangotha masiku 7, chenjezo patatha masiku 18. Madeti amenewa alankhula okha, safuna mawu aukali. Pomaliza nenani chimene mukufuna: akubwezereni patilu ndi shifiti yanu, achotse kalatayo mu fayilo, supavaizayo asagamulenso chilichonse chokhudza inu mpaka kufufuza kutatha, ndipo akuyankheni molemba pofika deti limene mutchule. Pemphaninso kuti alipatse nambala kapena fayilo yakeyake. Liperekeni kwa munthu amene ali pamwamba pa amene anasaina chenjezolo, kaya manijala wamkulu kaya kulikulu. Tengani makope awiri, limodzi alidinde kapena kulisaina ndi deti, mubwerere nalo. Ngati muli mu yuniyoni, pitani ndi woimira antchito.

Detilo likadutsa ali chete, tengani fayilo yanu yonse kwa ofisala wa zantchito ku Unduna wa Zantchito, konkuno ku Lusaka. Mfundo imodzi muidziwe bwino: gawo 52 lija likunena za kuchotsedwa ntchito, ndipo limati kukadandaula za olemba ntchito kapena kukawatula kwa akuluakulu a boma si chifukwa chochotsera munthu. Limatinso sangakuchotseni pa nkhani ya khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito asanakumveni. Za shifiti ndi ovataimu zimayenda kudzera m'ndondomeko ya madandaulo ndi kwa ofisalayo. Zikafika poti akuchotsani, gawo lomwelo limapereka masiku 30 okasuma ku khoti, kuwerengera kuchokera tsiku limene akuchotsani. Musawathere podikira lonjezo la manijala loti "tikambirana". Sabata yomweyo onanani ndi loya kapena a Ligo Edi, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu amene sangakwanitse kulipira loya, kope lanu ndi kalata yodindidwa ija zili m'manja.