Mfundo yanu iyambe yakumana ndi funso la nthawi ya Kamuzu

"Abale, ndithandizeni. Ndili chaka chachiwiri pa yunivesite kuno ku Blantyre. Atipatsa chimangirizo pa funso lakuti: kodi demokalase imasowa ogwira ntchito m'boma amphamvu? Mfundo yanga yaikulu ndalemba kuti, 'Ogwira ntchito m'boma ndi ofunika kwambiri pa demokalase chifukwa amathandiza anthu.' Aphunzitsi andibwezera, akuti imeneyi si mfundo. Ndikonze pati?"

Achemwali, aphunzitsiwo sanakulakwireni. Chiganizo chanucho mutachiwerenga mokweza m'minibasi ya ku Ndirande, aliyense angovomera, ndi kondakitala yemwe. Vuto lili pomwepo: chimene aliyense akuvomera sichifuna chimangirizo chochiteteza. Mfundo yaikulu iyenera kukhala yoti munthu wodziwa zinthu atha kunena kuti "ayi, sizili choncho", inu n'kukhala ndi umboni womuyankha nawo.

Ndiye musanalembe china chilichonse, pezani munthu wokutsutsaniyo. Kuno kwathu simuvutika kumufuna. Funsani akuluakulu amene anagwirapo ntchito m'boma nthawi ya Kamuzu. Ambiri akuuzani kuti anthu ankafika pa ntchito nthawi yake, mafayilo ankayenda, ndipo kalaliki ankaopa kusoweka kwa tambala imodzi. Komatu kuyambira 1966 dziko linali la chipani chimodzi, mpaka referendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha 1994. Maofesi a boma ankayenda bwino, demokalase kunalibe. Mfundo iliyonse imene ikungonena kuti ogwira ntchito m'boma amphamvu ndi demokalase zimayendera limodzi yagwa kale pamenepa.

Wotsutsa wachiwiri akuchokera mbali inayo. Ku Amereka, kwa zaka zambiri m'ma 1800, chipani chikapambana chinkachotsa anthu m'maofesi n'kuikamo otsatira ake, koma zisankho zinkachitikabe ndipo maboma ankasinthana. Zinayamba kusintha pulezidenti James Garfield ataphedwa mu 1881 ndi munthu amene ankati anamumana udindo m'boma. Lamulo la Pendleton la 1883 ndilo linayambitsa zoti ntchito zina za boma zizipezeka polemba mayeso. Choncho mukalemba kuti demokalase singakhalepo popanda ogwira ntchito m'boma olimba, wina akuonetsani dziko limene linakhala nayo.

Zitsanzo ziwirizi zisakufooketseni, ndi zimene zikupatseni mfundo. Zikukukakamizani kuyankha mafunso awiri amene funso la aphunzitsi lawabisa. Loyamba: mphamvu yake iti? Pali mphamvu yotha kugwira ntchito, monga kutolera msonkho, kulipira aphunzitsi pa nthawi yake ndi kufikitsa mankhwala ku chipatala cha ku Chikwawa. Palinso mphamvu yotha kukana, pamene mlembi wamkulu wa unduna auza nduna kuti, "Bwana, galimoto iyi ndi ya boma, singapite ku msonkhano wa chipani," mawa lake n'kupezeka adakali pa ntchito. Nthawi ya Kamuzu inali ndi yoyamba, yachiwiri inalibe. Malamulo oyendetsera dziko lino, pa gawo 193, amakamba za yachiwiriyi: ogwira ntchito m'boma akhale oima paokha, ndipo asagwiritsidwe ntchito pokweza kapena kugwetsa chipani. Liwerengeni gawo limeneli, ndi lalifupi, ndipo likupatsani mawu olondola.

Funso lachiwiri: demokalase ikuwasowa kuti ichite chiyani? Kuti anthu aponye voti, kapena kuti votiyo ibale kanthu? Apa ndi pamene ndingakulimbikitseni kukhalitsa pa nkhani ya Kashigeti. Mu 2013 kunadziwika kuti ndalama mabiliyoni zinkatuluka ku Capital Hill kudzera pa makina oyendetsera ndalama za boma a IFMIS, kulipira makampani amene sanapereke katundu aliyense, kenako zolembedwazo n'kufufutidwa. Maiko otithandiza anaimitsa ndalama zothandizira bajeti. Koma mu Meyi 2014 chisankho chinachitika, boma linasintha mwamtendere. Kuvota kunapulumuka. Chimene chinavulala n'chakuti ndalama zimene aphungu anavomereza m'Nyumba ya Malamulo sizinafike kumene anazitumiza. Taonaninso kuti ena mwa amene anapezeka olakwa kukhoti anali ogwira ntchito m'boma eni ake, odziwa bwino makinawo. Luso analinalo. Ndiye kuwateteza kwa andale kokha sikukwanira, payeneranso kukhala wowafunsa.

Tsopano tiyeni tilembe. Poyamba mungayese motere: "Demokalase imasowa ogwira ntchito m'boma oima paokha, osati amphamvu chabe." Iyi yayamba kuluma, chifukwa yatenga mbali. Koma ilibe chifukwa, ndipo sinanene kuti ikuwasowa pa chiyani. Ionjezereni:

"Demokalase itha kuchititsa zisankho popanda ogwira ntchito m'boma olimba, koma singasandutse voti kukhala mankhwala, mabuku ndi misewu pokhapokha ogwira ntchitowo atalembedwa potengera luso, atatetezedwa kuti asachotsedwe pa zifukwa za chipani, ndiponso atamayankha ku Nyumba ya Malamulo, mbiri ya Malawi kuyambira 1966 ikuonetsa kuti chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, zinazo sizipulumutsa."

Onani zimene chiganizochi chachita. Chayamba ndi kuvomera zimene wotsutsa ali nazo zoona, ndiye chitsanzo cha ku Amereka sichikukugwetsaninso, chasanduka ndime yanu yoyamba. Chatchula zinthu zitatu, ndipo chilichonse chikhala mutu wa gawo lake: luso popanda ufulu wokana mukambirapo za nthawi ya chipani chimodzi, luso popanda wofunsa mukambirapo za Kashigeti. Chadziikiranso malire a dziko ndi zaka, kuti musapezeke mukulonjeza za dziko lonse lapansi m'masamba ochepa. Ngati aphunzitsi amakonda chiganizo chachifupi, dulani pa mawu akuti "Nyumba ya Malamulo", mbali ya mbiri ya Malawi ikhale chiganizo chotsatira.

Mwina inu simukugwirizana nane, ndipo palibe cholakwika. Mutha kutsutsa kuti ogwira ntchito otetezedwa kwambiri amatha kuchedwetsa dala zimene boma losankhidwa ndi anthu lalonjeza, iwo asanavoteredwe ndi wina aliyense. Imeneyinso ndi mfundo yabwino, bola muiike pa mayeso omwewa.

Msampha umodzi ndikuchenjezeni, chifukwa ophunzira ambiri amagweramo. Musatenge chigamulo cha pa 3 Febuluwale 2020, chimene chinathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019, ngati umboni wa mphamvu za ogwira ntchito m'boma. Oweruza ndi nthambi ina ya boma, ndipo bungwe loyendetsa zisankho ndi loima palokha. Mukasakaniza, mfundo yanu ikhala yokamba za mabungwe onse a dziko, osatinso za funso limene mwapatsidwa. M'ndime yoyamba nenani momveka kuti mukukamba za ogwira ntchito m'maunduna ndi m'nthambi zake, kuyambira kalaliki mpaka mlembi wamkulu, osati oweruza, asilikali kapena aphungu.

Mukamaliza chimangirizo chonse, tengani pensulo, muwerenge chiganizo choyamba cha ndime iliyonse, n'kulemba m'mbali mwake mbali ya mfundo yaikulu imene ndimeyo ikuteteza. Ndime imene yasowa cholemba ichotseni, kapena sinthani mfundoyo kuti iilandire. Kenako mupatse mnzanu wa m'kalasi chiganizo chokhacho, opanda china, mumufunse kuti angachitsutse bwanji. Akatchula chitsanzo chimene simunachiganizire, chiyankheni m'ndime yakeyake musanakapereke kwa aphunzitsi.