Kuchotsa alendo pachithunzi cha mlatho wa ku Mfuwe

"Ndinajambula zithunzi 5 pamlatho wa Luangwa, ndaziphatikiza ndi Median, koma anthu akuonekabe ngati mizukwa. Ndalakwitsa pati?"

Achimwene, zithunzizo zachepa, komanso ndikuganiza kuti munazijambula mothamanga. Median, njira ya mu Photoshop yophatikizira zithunzi, imayang'ana kadontho kalikonse pazithunzi zonse n'kusankha mtundu wapakati. Choncho malo alionse ayenera kukhala opanda munthu pazithunzi zoposa theka. Mlendo amene watsamira pachitsulo kuonera mvuu sasuntha msanga, ndiye mzukwa wanuwo.

Ikani kamera pathiraipodi, muike pa M, kutanthauza Manual, kuti kuwala kusasinthe. Jambulani 20, mukudikira masekondi 15 pakati pake. Mu Photoshop pitani ku File > Scripts > Statistics, musankhe Median.

Madzi ndi masamba zidzaoneka mbuu chifukwa zimayenda. Zimenezo muzibwezeretse kuchokera pachithunzi chimodzi.