Madontho a zotsala: uta ndi lipenga mu rigiresheni

"Ndapanga rigiresheni ya mzere wowongoka mu R. `R-squared` yatuluka bwino, p nayenso ndi wamng'ono kwambiri. Koma ondiyang'anira pa kafukufuku akuti sandikhulupirira mpaka nditawaonetsa chithunzi cha zotsala. Ine ndikachitsegula ndikungoona madontho ali mbwee. Kodi ndiziyang'ana chiyani kwenikweni, nanga ndikachipeza ndichite nacho chiyani?"

Madontho akakhaladi mbwee, opanda dongosolo lililonse, kondwerani, chifukwa ndi zimene tikufuna. Chotsala ndi kusiyana kwa nambala imene munayeza ndi nambala imene mzere wanu ukulosera. Mzere ukagwira bwino ntchito, zotsalazo zimamwazikana mozungulira ziro, m'mwamba ndi m'munsi mofanana, kuyambira kumanzere mpaka kumanja. Zimene muyenera kusaka ndi ziwiri. China ndi madontho opindika ngati uta, china ndi madontho oyamba mothinana nkumatambasuka ngati kukamwa kwa lipenga. `R-squared` ndi p sangakuuzeni za ziwirizi, chifukwa onse amawerengedwa potengera kuti mzerewo ndi woyenera kale.

Tiyeni tizione pa manambala amene ali kale mu R yanu. `cars` ili ndi magalimoto 50 a m'zaka za m'ma 1920: liwiro lake m'mailosi pa ola, ndi mtunda umene galimoto inayenda isanaime, m'mafiti.

```r
m <- lm(dist ~ speed, data = cars)
plot(m, which = 1)
plot(m, which = 3)
```

Mzere umene mupeze ndi `dist = -17.58 + 3.93 * speed`, ndipo `R-squared` ndi 0.65. Papepala zikuoneka bwino.

Chithunzi choyamba, cholembedwa `Residuals vs Fitted`, chimaika zotsala molunjika m'mwamba ndipo zolosera za mzere zimagona chopingasa. Apa ambiri amalakwitsa akamajambula okha: amaika nambala yoyezedwa ija, `dist`, m'malo mwa zolosera. Mukatero madontho amakwera chakumanja nthawi zonse, ngakhale mzere ulibe vuto, chifukwa chotsala ndi gawo la nambala yoyezedwayo. Ndi zolosera palibe mgwirizano wotere, choncho chilichonse chooneka pamenepo ndi nkhani yeniyeni.

Yambani ndi uta. Pa liwiro la 4, mzere ukulosera mafiti -1.85, kutanthauza kuti galimoto ikuima isanafike pamene inayambira kugwira mabuleki. Magalimoto awiri a liwiro limeneli anaima pa mafiti 2 ndi 10, ndiye zotsala zawo zonse zili pamwamba pa ziro. Pakati zinthu zikutembenuka: mwa magalimoto 8 a liwiro la 15 mpaka 17, okwana 6 ali pansi pa ziro. Kumapeto, pa 24 ndi 25, anayi mwa asanu abwereranso pamwamba. Pamwamba, pansi, pamwamba: umenewo ndiye uta. Mzere ukuchepetsa mtunda kumapeto konse kuwiri, nkuukulitsa pakati. Chifukwa chake chimadziwika: mphamvu imene mabuleki ayenera kuthetsa imakula ndi liwiro lochulukitsidwa ndi lokha, kotero liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wa mabuleki umawirikiza pafupifupi kanayi. Mzere wowongoka sungatsate zimenezo.

Kamzere kofiira kamene R imajambula pakati pa madontho kamathandiza kuona kupindikaku, koma musakakhulupirire kwambiri m'mphepete. Kumeneko madontho amakhala ochepa, ndipo awiri okha akhoza kukakhotetsa.

Lipenga ndi nkhani ina. Pa liwiro la 10 magalimoto anaima pa mafiti 18, 26 ndi 34, kusiyana kwa mafiti 16 basi. Pa liwiro la 24 anaima pa 70, 92, 93 ndi 120, kusiyana kwa mafiti 50. Komatu rigiresheni wamba imawerengera kuti kumwazika ndi kumodzi paliponse, ndipo apa yapereka nambala imodzi, `Residual standard error` ya 15.38, ya magalimoto onse. Kwa oyenda pang'onopang'ono nambalayi yakulitsa, kwa othamanga yachepa. Chithunzi chachiwiri, `Scale-Location`, chinapangidwira zimenezi. Chimachotsa chizindikiro cha kuchotsera pa zotsala, kotero simufunikanso kuyerekeza m'mwamba ndi m'munsi. Mungoona ngati kamzere kofiira kakukwera. Muonanso kuti lipenga la `cars` si losalala: pa liwiro la 14 pali galimoto ya mafiti 26 ndi ina ya mafiti 80. Manambala enieni amatero, saoneka ngati zojambula za m'kalasi.

Mavuto awiriwa sawononga mofanana, ndipo apa mpamene pagona yankho la funso lanu. Uta umatanthauza kuti mzerewo ndi wolakwika, ndiye zolosera zake ndi zokhota, ndipo kuwonjezera magalimoto ena 500 sikungazikonze. Lipenga lokha silikhotetsa mzere. Limawononga `Std. Error`, ndipo kudzera mmenemo p ndi malire a chikhulupiriro. Nchifukwa chake uta umakonzedwa poyamba. Palinso chifukwa china: kupindika kosakonzedwa kumakulitsa zotsala m'mbali zina, nkukunamizani kuti pali lipenga pamene palibe.

Pa uta pokha, mukhoza kuwonjezera `I(speed^2)` mu fomula. Koma apa mavuto onse awiri akubwerera pamodzi, mtunda ukamakula kumwazika nakonso kukukula, ndiye kusintha sikelo ya `dist` kumagwira zonse nthawi imodzi.

```r
m2 <- lm(sqrt(dist) ~ speed, data = cars)
plot(m2, which = c(1, 3))
```

Tsopano mzere ndi `sqrt(dist) = 1.28 + 0.32 * speed`. Pa liwiro la 4 ukupereka pafupifupi 2.57, ndipo mukachulukitsa nambalayi ndi yokha mupeza mafiti 6.6, pakati pa 2 ndi 10 paja. Mtunda wosatheka uja watha, ndipo zithunzi zonse ziwiri zaphwathalala kuposa kale. Bwanji osagwiritsa ntchito `log`? `log` imafinya manambala aakulu mwamphamvu kuposa `sqrt`, ndipo ikapyola muyezo uta umagadabuka, lipenga nkuyang'ana kumanzere. Mukaona zotero, dziwani kuti mankhwala achuluka. Kumbukiraninso kuti `R-squared` ya `m2` siyerekezedwa ndi ya `m`, chifukwa zikuyeza zinthu za sikelo zosiyana, komanso kuti nambala yobwezeredwa m'mafiti imakhala pansi pang'ono pa avereji yeniyeni.

Ngati mzere wanu ndi wowongokadi ndipo vuto ndi lipenga lokha, palibe chifukwa chosinthira sikelo. Siyani mzere mmene ulili, mukonze `Std. Error` yokha ndi `coeftest(m, vcov = vcovHC)`, kuchokera mu `lmtest` ndi `sandwich`. Dziwani kuti izi sizikonza malire olosera galimoto imodzi, amene `predict` ipitirizabe kuwawerengera pa kumwazika kumodzi kuja.

Oyang'anira ena amafuna mayeso okhala ndi p, ndipo alipo. Pa `cars`, `bptest(m)` ya mu `lmtest`, yoyesa lipenga, imapereka p wa 0.073, ndipo `I(speed^2)`, yoyesa uta, imatuluka ndi p wa 0.136. Onse ali pamwamba pa 0.05, komabe taona mzere ukulosera mtunda wochepera ziro. Magalimoto 50 ndi ochepa kuti mayesowa agwire vuto laling'ono chonchi, pamene pa magalimoto 50,000 akhoza kukuwa pa kupindika kosaoneka ndi maso. Mu lipoti lanu ikani zithunzi za `m` ndi `m2` moyandikana, ndipo ngati muli ndi zinthu zingapo zolosera, jambulaninso zotsala pa chilichonse pachokha, chifukwa uta wa chimodzi umatha kubisala m'chithunzi cha zonse pamodzi.