Thanki imodzi, makomo anayi: tisonkhe bwanji?

"Pa puloti pathu tilipo mabanja anayi ochita lendi. Thanki ndi imodzi, pampu ya pachitsime ili pa mita yanga, ndipo Loweruka madzi amatha isanakwane 9 koloko. Ndiwalembere chiyani anzanga kuti tisayambane?"

Amayi, musanalembe kalikonse, yezani kaye. Tsiku limene thanki yatsala pang'ono kuuma, zimitsani zonse za m'nyumba mwanu, ngakhale filiji, muitane mmodzi wa anzanuwo, nonse muwerenge mayunitsi ali pa mita. Yatsani pampu mpaka thanki idzadze, muwerengenso. Pampu ya mawati 750 ikagwira ntchito maola atatu imadya mayunitsi awiri kapena atatu basi. Ngati thanki ya malita 5,000 mumaidzadza kakhumi pamwezi, ndi mayunitsi osapitirira 30. Ambiri amadabwa, chifukwa magetsi si amene amadya ndalama. Chimene chimaliritsa ndi pampu ikapsa, pulambala n'kutchula mtengo wake pakati pa mwezi, aliyense m'thumba muli mbee.

Choncho choperekacho chikhale ndi mbali ziwiri, ya mayunitsi ndi yosungira zokonzetsera. Funsaninso alandilodi pasadakhale ngati kugula pampu yatsopano kuli kwa iwo, poti chitsimecho ndi chawo.

Pogawana, werengani anthu, osati makomo. Tiyerekeze kuti mwagwirizana K30,000 pamwezi ndipo nyumbazo zili ndi anthu 6, 4, 3 ndi 2. Onse ndi 15, ndiye munthu aliyense K2,000. Banja lalikulu lipereka K12,000, la anthu awiri K4,000. Mukagawa pa khomo, aliyense apereka K7,500, ndipo awiri aja adzayamba kung'ung'udza, mwinanso kutsuka galimoto mwadala. Ine khanda ndimaliwerenga ngati munthu wathunthu, matewera amamwa madzi kuposa bambo ake.

Za Loweruka n'zosavuta: nonse mumachapa tsiku limodzi. Uthengawo ungakhale wotere:

"Anzanga okhala nawo pano, tayeza pampu pamodzi ndi a nyumba yachitatu, ndipo kudzadza thanki kukudya mayunitsi atatu. Ndikupempha kuti tizisonkha K2,000 pa munthu pofika pa 5 mwezi uliwonse, zotsala pogula mayunitsi zizisungidwa kukonzetsera pampu, ndipo zonse zizilembedwa m'kope. Kuchapa: nyumba yoyamba ndi yachiwiri Lachiwiri ndi Loweruka, yachitatu ndi yachinayi Lachitatu ndi Lamulungu, tizisinthana mwezi ndi mwezi. Tikumane Lachisanu madzulo kuti aliyense anenepo maganizo ake."

Kope ndi ndalama asunge wina, osati inuyo amene muli ndi mita. Woyatsa pampu akhale mmodzi pa sabata, ndipo magetsi akazima azizimitsa switchi, kuti akabwera usiku pampu isadzuke yokha. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala chitsime chimatsika. Mukamva pampu ikulira koma paipi yolowa m'thanki ikungolavula mpweya, zimitsani msanga, mudikire madzi abwerere m'chitsime, chifukwa pampu yoyenda popanda madzi imapsa.